Gudumu Losweka, Zigamulo Ziwiri: Zimene Ariyalisiti Anaona M'makhoti a ku America

Mu 1911, m'chigawo cha New York ku America, bambo wina wosema miyala dzina lake Donald MacPherson anachita ngozi pa galimoto yake ya mtundu wa Buick. Masiku amenewo magudumu a galimoto ankakhala ndi masipoko a mtengo, ngati a ngolo. Malinga ndi mmene iye anafotokozera, masipoko a gudumu limodzi anangophwanyika galimoto ikuyenda, galimotoyo n'kupendama, iye n'kuponyedwa kunja ndi kuvulala. Galimotoyo sanaigule ku kampani ya Buick mwachindunji. Anaigula kwa wogulitsa wina amene anaioda ku kampaniyo. Ndipo gudumulo a Buick sanalipange okha, analigula ku fakitale ina n'kungolimangirira. MacPherson anasumira kampani ya Buick kuti imupatse chipukuta misozi, ponena kuti akanaliyesa gudumulo asanalimange, akanaona kuti mtengo wake unali wosalimba.

Mu 1916 khoti lalikulu la apilo la chigawo cha New York linagamula kuti kampaniyo ilipire. Koma chaka chimodzi chokha m'mbuyo mwake, mu 1915, khoti lina la apilo, la boma lalikulu la America, linali litamva mlandu wa bambo wina dzina lake Johnson ndi kampani ya Cadillac. Nkhani yake inali ngati mapasa: galimoto yogulidwa kwa wogulitsa, gudumu la mtengo lopangidwa ndi fakitale ina, masipoko kuthyoka, munthu kuvulala. Kumeneko majaji ananena kuti kampaniyo ilibe mlandu. Makhoti onse awiri anali ndi zigamulo zakale zofanana patsogolo pawo, ndipo palibe amene analandira chiphuphu. Nanga zinatheka bwanji kuti afike pa mayankho otsutsana?

Funso limeneli ndi limene linabala kaganizidwe kotchedwa riyalizimu ya malamulo. Kanakula m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, makamaka m'masukulu a zamalamulo a ku Columbia ndi ku Yale, ndipo anthu ake timawatcha ariyalisiti. Dzinali likuchokera ku mawu otanthauza zenizeni, chifukwa iwo ankati: tisamangowerenga zimene majaji amalemba kuti achita, tiyang'ane zimene amachitadi.

Kuti timvetse chimene ankatsutsa, tibwerere pang'ono. Kuyambira mu 1870, mkulu wa sukulu ya zamalamulo ku Harvard, Christopher Columbus Langdell, ankaphunzitsa kuti malamulo ndi sayansi. Ankati mukasonkhanitsa zigamulo zakale za makhoti n'kuzisefa bwino, mupezamo mfundo zikuluzikulu zochepa chabe, ndipo kuchokera ku mfundozo yankho la mlandu uliwonse watsopano limadzitulukira lokha. M'kaganizidwe aka jaji ali ngati munthu wochita masamu: lamulo ndi ili, zimene zachitika ndi izi, ndiye chigamulo ndi ichi. Maganizo ake pa za chilungamo, pa za osauka ndi olemera, pa za malonda, alibe polowera. Kaganizidwe kameneka amakatcha fomalizimu. Tisakanyoze msanga, chifukwa kamalonjeza chinthu chamtengo wapatali: kuti mlandu wanu sudzadalira kuti mwagwera m'manja mwa jaji uti.

Amene anayamba kugwedeza nsanamira zimenezi ndi Oliver Wendell Holmes, katswiri wa zamalamulo amene pambuyo pake anakhala jaji wa khoti lalikulu la America. M'buku lake la mu 1881 analemba kuti chimene chapatsa malamulo moyo si kulondoloza mfundo m'mutu ayi, koma zimene anthu akumana nazo. Mu 1897, polankhula kwa ophunzira ku Boston, anawauza kuti aziyang'ana malamulo ndi maso a munthu woipa, amene alibe nazo ntchito za chikumbumtima koma amangofuna kudziwa chimene khoti lidzamuchite. Kwa munthu wotere, lamulo ndi kulosera chabe zimene makhoti adzachite. Ariyalisiti anatola mawu amenewa n'kuwatengera patali.

Tsopano tiyeni tilowe m'mabuku amene majaji a mlandu wa MacPherson anali nawo patebulo, chifukwa m'menemo ndi mmene muli nkhani yonse.

Lamulo loyamba linachokera ku England mu 1842, pa mlandu wa Winterbottom ndi Wright. Winterbottom ankayendetsa ngolo ya mahatchi yonyamula makalata. Ngoloyo inathyoka, iye n'kulumala. Anasumira Wright, amene anali ndi mgwirizano ndi mkulu wa za mtengatenga wa makalata woti azikonza ngolozo. Khoti linakana. Linati Wright anapangana ndi mkulu uja, osati ndi woyendetsa ngolo, choncho amene sali mu mgwirizanowo sangasumire. Jaji wamkulu, Lord Abinger, ananena poyera mantha ake: kuti akalola mlandu uwu, aliyense wokwera ngolo, ngakhale wongodutsa pamsewu, adzayamba kusuma, ndipo malire ake sadzaoneka. Kuchokera apa kunabadwa lamulo loti wopanga katundu amayankha kwa munthu yekhayo amene anagulitsana naye.

Patapita zaka khumi, mu 1852, khoti la ku New York linakumana ndi mlandu umene lamuloli silikanatha kuumeza. Kampani ya Winchester inamata pa botolo chizindikiro chosonyeza kuti muli mankhwala ofatsa ochokera ku chomera cha dandeliyoni, pamene munali beladona, poizoni wakupha. Botololo linadutsa m'manja mwa ogulitsa mankhwala angapo lisanafike kwa mayi Thomas, amene anamwa n'kudwala kwakayakaya. Mayiwa analibe mgwirizano uliwonse ndi Winchester. Komabe khoti linati kampaniyo ilipire, chifukwa poizoni wolembedwa dzina lolakwika amaika moyo wa munthu pachiswe pompopompo, ndipo amene adzamwe si wogulitsa ayi, koma wodwala wina kutali. Ndiye panali lamulo, komanso khomo lotulukira: wopanga katundu sayankha kwa mlendo, pokhapokha ngati katunduyo ndi woopsa.

Koma choopsa n'chiti? Apa ndi pamene ndimakonda kuchedwapo, chifukwa mndandanda wa zigamulo zimene zinatsatira umadabwitsa aliyense wouwerenga koyamba. Mu 1870 gudumu lachitsulo la makina ochekera matabwa linasweka n'kupha munthu. Khoti linati gudumulo si chinthu choopsa mwa tanthauzo la lamuloli. Mu 1873 thanki yaikulu yowiritsira madzi a nthunzi pa fakitale ya mapepala inaphulika n'kuwononga katundu wa woyandikana nayo. Khoti linati wopanga thankiyo alibe mlandu. Mu 1882 nsanja yomangidwira opaka penti, yotalika mafiti 90, inagwa n'kupha wantchito. Khoti linati womanga nsanjayo ayankhe. Mu 1909 ketulo yaikulu yowiritsira khofi inaphulika mu hotela. Khoti linati wopanga ketuloyo angathe kuyankha. Taonani: thanki ya nthunzi ya pa fakitale ili kunja, ketulo ya khofi ili m'kati. Gudumu la makina ocheka lili kunja, nsanja ya matabwa ili m'kati. Mawu akuti "choopsa" sangakuuzeni okha mbali imene gudumu la galimoto likugwera.

Majaji a mlandu wa Cadillac anatenga njira imodzi. Anati lamulo lalikulu ndi la 1842 lija, ndipo khomo lotulukira ndi la zinthu zimene chibadwa chake ndi kupha kapena kuwononga, monga poizoni ndi onga. Galimoto ndi ngolo chabe yopanda hatchi. Pa mlandu wa MacPherson, jaji wamkulu Willard Bartlett anaganiza chimodzimodzi, ndipo anali yekha wotsutsa. Anati gudumu la galimoto silisiyana ndi ngolo ya Winterbottom, n'kutchulanso chigamulo cha Cadillac chija ngati umboni woti lamulo ndi lomwelo.

Jaji Benjamin Cardozo, amene analemba chigamulo cha ambiri, anatenga mabuku omwewo n'kuwasanja mwina. Anayambira pa botolo la poizoni, n'kunena kuti phata la chigamulo chimenecho silinali pa poizoni, koma pa kudziwiratu kuti chinthu chikapangidwa mosasamala chidzavulaza munthu wina amene sanachigule kwa iwe. Nsanja ndi ketulo zinakhala umboni wake woti mfundoyi inali itakula kale. Nanga zigamulo ziwiri zomutsutsa zija? Anazipanikizira pakona. Za gudumu la makina ocheka, anati wopanga anali atamuonetsa wogula chilema chake, wogulayo n'kulitenga dala chifukwa linali lotchipa, ndipo linagwira ntchito zaka zisanu lisanasweke. Za thanki ya nthunzi, anati wopanga ankadziwa kuti eni fakitale adzaiyesanso okha. Za ngolo ya 1842, anati zigamulo za m'nthawi ya ngolo za mahatchi sizigwirizana ndi mayendedwe a masiku ano. Anakumbutsa kuti galimotoyo inapangidwa kuti izithamanga mamailosi 50 pa ola, inali ndi mipando ya anthu atatu, ndipo pa anthu onse amene akanaikwera, wogulitsa ndi yekhayo amene tinganene motsimikiza kuti sakanaigwiritsa ntchito. Kunena kuti Buick ili ndi udindo kwa wogulitsa yekha kunali ngati kuteteza munthu mmodzi yekhayo amene sangavulale.

Chimene ariyalisiti anaona apa n'chakuti Cardozo analemba ngati akungotsatira zakale. Anati mfundo sinasinthe, zimene zasintha ndi zinthu zimene mfundoyo ikukhudza. Koma zoona zake n'zakuti khomo laling'ono lotulukira lija analikulitsa mpaka khoma lonse linatha. Chinthu chilichonse chimene chingavulaze chikapangidwa mosasamala chinalowa m'gulu la zoopsa, ndipo kodi ndi katundu uti wa m'fakitale amene sangatero? M'zaka zotsatira zigawo za America zinatsatira New York chimodzi ndi chimodzi. Ngakhale khoti lija la mlandu wa Cadillac, mlanduwo utabwereranso kwa ilo mu 1919, linasintha maganizo.

Karl Llewellyn, mmodzi mwa atsogoleri a ariyalisiti, anafotokoza bwino kwambiri zimene zimachitika apa. M'maphunziro ake kwa ophunzira a chaka choyamba ku Columbia, amene anasindikizidwa mu 1930, anati chigamulo chakale chilichonse chili ndi njira ziwiri zochiwerengera, ndipo zonse ziwiri ndi zololedwa m'ntchito ya uloya. Njira yoyamba ndi yopanikiza: umanena kuti chigamulocho chinkakhudza zochitika zake zokhazo, gudumu lotchipa lija, wogula wochenjezedwa uja, basi. Ndi mmene umadzimasulira ku chigamulo chimene chikukutchinga. Njira yachiwiri ndi yotambasula: umatola chiganizo chimodzi chimene jaji wakale analemba n'kuchitenga ngati lamulo la milandu yonse ya mtunduwo. Ndi mmene umamangira pa chigamulo chimene chikukuthandiza. Jaji mmodzi angathe kugwiritsa ntchito njira zonse ziwiri pa tsamba limodzi, monga Cardozo anachitira: botolo la poizoni analitambasula, thanki ya nthunzi anaipanikiza. Bartlett anachita zomwezo chosemphanitsa. Palibe mwa awiriwa amene anaphwanya mwambo wa ntchito. Ndipo palibe lamulo lachitatu limene limauza jaji kuti apa panikiza, apa tambasula.

Wina anganene kuti vutoli ndi la zigamulo zakale zokha, koma malamulo olembedwa ndi aphungu ndi omveka. Llewellyn anayankhanso zimenezi mu 1950. Anasonkhanitsa mfundo zimene makhoti amati amatsatira potanthauzira malamulo olembedwa, n'kuziika ziwiriziwiri, magulu 28, mfundo iliyonse moyang'anizana ndi inzake yoitsutsa. Ina imati mawu a lamulo akakhala omveka, atsatidwe momwemo. Inzake imati osati ngati kutero kubweretse zopanda nzeru kapena kupha cholinga cha lamulolo. Ina imati lamulo lisapitirire mawu ake. Inzake imati lingathe kupitirira pofuna kukwaniritsa chimene linapangidwira. Zonsezi zili m'mabuku, zonsezi makhoti anazigwiritsapo ntchito.

Ife a ku Malawi tili ndi chitsanzo chathu chimene ambiri tikuchikumbukira. Gawo 80 la malamulo oyendetsera dziko linkanena kuti pulezidenti asankhidwe ndi ambiri mwa ovota. Mu 2000, pa mlandu wa a Gwanda Chakuamba wotsatira chisankho cha 1999, khoti la Suprimu linati wopeza mavoti ochuluka kuposa anzake ndiye wapambana. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko anati mawu omwewo akutanthauza kupitirira theka la mavoti onse, ndipo m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho khoti la Suprimu linavomereza. Pakati pa zigamulo ziwirizi mawu a gawolo sanasinthe. Kaya mukugwirizana ndi chigamulo chiti, muvomereza kuti chilembo chokha sichinathetse nkhaniyo.

Ndiye ngati mabuku amalola mayankho awiri, n'chiyani chimasankha? Apa ariyalisiti eniake ankasiyana, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amawamva molakwika. Pali nthabwala yotchuka yoti riyalizimu imaphunzitsa kuti chigamulo chimadalira zimene jaji wadya m'mawa. Si zimene ambiri a iwo ankanena. Mfundo yawo inali yoti majaji amayamba akhudzidwa ndi zimene zachitika pa mlanduwo, amaona mbali imene chilungamo kapena nzeru za malonda zikukokera, kenako amafufuza m'mabuku njira yofikira kumeneko. Jaji wina wa ku Texas, Joseph Hutcheson, anavomereza poyera mu 1929 kuti iye amasinkhasinkha mlandu mpaka yankho limufikire mumtima, zifukwa zolemba zimabwera pambuyo. Ndipo popeza majaji ambiri anaphunzira mofanana ndiponso amakhala m'dziko limodzi, amakhudzidwa mofanana, moti zigamulo zawo zimatha kuloseredwa, bola udziwe poyang'ana.

Herman Oliphant anapereka chitsanzo chokongola mu 1928. Panali milandu yambiri yokhudza lonjezo loti "sindidzachita malonda opikisana nawe". Makhoti ena ankati lonjezo lotere ndi lovomerezeka, ena ankalikana, ndipo onse ankatchula mfundo za mgwirizano zimene sizinkafotokoza kusiyanako. Oliphant atasiya zifukwa zolembedwa n'kuyang'ana amene ankalonjeza, chithunzi chinaoneka. Kumene lonjezolo linkavomerezedwa, wolonjeza anali munthu amene wagulitsa bizinesi yake, ndipo n'zomveka kuti wogula asalandidwe makasitomala amene walipira. Kumene linkakanidwa, wolonjeza anali wantchito amene bwana wake akufuna kumumanga manja akadzasiya ntchito. Majaji ankachita chinthu chanzeru, koma sankachitchula. Loya wongoloweza mfundo zolembedwa akanamusocheretsa kasitomala wake; loya wodziwa kusiyana kwa wogulitsa bizinesi ndi wantchito akanalosera molondola.

Mukayang'ana mlandu wa gudumu ndi diso limeneli, chimene chinasintha pakati pa 1842 ndi 1916 si tanthauzo la mawu akuti "choopsa". Chinasintha ndi malonda. Kale munthu ankagula ngolo kwa mmisiri amene anaipanga, ankamudziwa, ankatha kuigogoda yekha n'kuona ngati ndi yolimba. Pofika 1916 katundu ankapangidwa wambirimbiri m'fakitale ya kutali, n'kudutsa kwa ogulitsa amene sangathe kumasula galimoto kuti ayese sipoko iliyonse. Lamulo la mgwirizano likanatsatidwa, ndiye kuti pafupifupi aliyense wopanga katundu akanabisala kumbuyo kwa wogulitsa. Funso lenileni linali loti: ndani asenze mtolo wa ngozi, wovulala kapena fakitale imene ikanatha kuyesa gudumu? Limeneli ndi funso la mmene tikufuna dziko liyendere. Dandaulo la ariyalisiti silinali loti majaji amayankha mafunso otere, poti sangawathawe. Linali loti amawayankha mobisa, atavala chovala cha masamu, ndipo chifukwa chobisika palibe amene angachiyese kapena kuchitsutsa. Felix Cohen mu 1935 anadzudzula makhoti amene ankataya nthawi kufunsa kuti kampani "ili kuti", ngati kuti ndi munthu wokhala ndi thupi, m'malo mofunsa ngati kuli koyenera kukakamiza wovulala kuyenda ulendo wautali kukasuma kumene kampaniyo inalembetsedwa.

Kubisaku kuli ndi mbali yake yowawa. Mu 1905 khoti lalikulu la America, ndi mavoti asanu kwa anayi, linathetsa lamulo la New York loletsa ophika buledi kugwira ntchito maola opitirira 10 pa tsiku kapena 60 pa sabata. Majaji asanuwo anati akungoteteza ufulu wopangana mgwirizano, umene anati uli m'malamulo oyendetsera dziko. Holmes, potsutsa, anati mlanduwo wagamulidwa potsatira maganizo ena a zachuma amene anthu ambiri m'dzikomo sagwirizana nawo, ndipo mfundo zikuluzikulu sizigamula milandu yeniyeni. Ariyalisiti ambiri anakula akuona zigamulo zotere zikugwetsa malamulo oteteza antchito, n'chifukwa chake nkhaniyi inkawatentha mtima.

Jerome Frank, amene pambuyo pake anakhala jaji wa khoti la apilo, anati anzakewo akuyang'ana pamwamba kwambiri. Milandu yambiri sifika ku apilo. Imathera m'khoti loyamba, kumene mkangano suli pa lamulo koma pa zimene zinachitika. Ndipo zimene zinachitika sizilowa m'khoti zokha. Zimabwera m'kamwa mwa mboni zimene zimaiwala, zimachita mantha, zimanama, kapena zimanena zoona mwachibwibwi mpaka kuoneka ngati zabodza. Chimene khoti limachitcha zoona ndi chimene woweruza wakhulupirira. Mlandu wa gudumu womwewu ukusonyeza zimenezi. MacPherson anati ankayenda pang'onopang'ono pamene gudumu linasweka. A Buick anati ankathamanga, galimoto inaterereka n'kuomba mtengo wa mawaya a telefoni, ndipo gudumu linasweka chifukwa cha kuombako. Gulu la anthu wamba amene amathandiza khoti kugamula za umboni linakhulupirira MacPherson. Likanakhulupirira a Buick, Cardozo sakanakhala ndi choti alembe. Chimodzimodzinso mlandu wa ku Scotland wa mayi Donoghue, amene anati anapeza nkhono yowola m'botolo la chakumwa. Mu 1932 majaji a khoti lalikulu la Britain, atatu kwa awiri, anagamula kuti wopanga chakumwa ali ndi udindo kwa womwa, ndipo Lord Atkin anatchula chigamulo cha Cardozo pochirikiza maganizo ake. Mfundo imeneyo ndi imene makhoti a ku Malawi ndi ku Zambia amatsatira pa milandu ya kusasamala mpaka lero. Koma zoti nkhonoyo inalimodi m'botolo sizinatsimikizidwe m'khoti, chifukwa mlanduwo unathera kunja umboni usanamvedwe.

Tsono riyalizimu ili ndi malire ake, ndipo ine ndimaona kuti amene amaiphunzira theka amavulala nayo kuposa amene sanaimvepo. Wophunzira akangomva kuti malamulo sagamula milandu, amathamangira kunena kuti zonse ndi ndale, jaji amachita zimene akufuna. H. L. A. Hart wa ku Oxford anayankha zimenezi mu 1961. Anati mawu a lamulo ali ndi pakati pomveka ndi m'mphepete mokayikitsa. Lamulo loletsa galimoto kulowa m'paki silisiya chikaiko pa lole. Chikaiko chimabwera pa njinga kapena kagalimoto koseweretsa mwana. Kukhalapo kwa m'mphepete sikufafaniza pakati. Anaonjezanso kuti ngati lamulo ndi kulosera zimene khoti lidzachite, nanga jaji amene wakhala pampando akufuna kugamula, azilosera za ndani? Iye amatenga lamulo ngati chifukwa chochitira chinthu, ndipo ife timatha kunena kuti khoti lalakwitsa, ngakhale lili lomaliza. Pa masewero a mpira, chimene refa wanena chimaima, koma sizitanthauza kuti lamulo la chigoli ndi "chilichonse chimene refa wakonda".

Palinso nkhani ya milandu imene ariyalisiti ankawerenga. Ankawerenga ya ku apilo, ndipo milandu imafika kumeneko makamaka chifukwa maloya a mbali zonse ziwiri akuona kuti ali ndi mwayi. Munthu amene wasuma nthawi yololedwa itadutsa kalekale, kapena amene ngongole yake ili pa pepala losainidwa ndipo sakukana, kawirikawiri loya amamuuza zoona mu ofesi momwemo, nkhani n'kuthera pomwepo. Kumeneko malamulo amagwira ntchito mwakachetechete tsiku ndi tsiku. Kuyeza malamulo onse ndi milandu ya ku apilo kuli ngati kuyeza thanzi la mudzi pongowerenga amene agonekedwa kuchipatala. Llewellyn mwiniwake anazindikira zimenezi. Mawu ake a mu 1930, oti zimene akuluakulu a boma amachita pa mikangano ndizo lamulo lenilenilo, anadzavomereza pambuyo pake kuti akatengedwa okha amasocheretsa, ndipo buku lake lalikulu la mu 1960 linali lofotokoza zinthu zimene zimapangitsa zigamulo kukhala zokhazikika: maphunziro ofanana, kugamula pagulu, udindo wolemba zifukwa zimene maloya ena adzaziwerenga ndi diso lakuthwa.

Nanga munthu angadziwe bwanji, powerenga chigamulo, pamene jaji wasankha osati kungotsatira? Pali malo angapo amene ine ndimayamba kuyang'ana. Ndimaona mmene wafotokozera zochitika m'ndime zoyambirira, chifukwa dzina limene wapatsa chinthu nthawi zambiri limakhala litagamula kale mlandu: Bartlett ankaona ngolo, Cardozo ankaona makina othamanga mamailosi 50 pa ola. Ndimafufuza mawu otambasuka monga "choopsa", "choyenera", "munthu wanzeru zake", n'kufunsa chimene chathiridwamo. Ndimayang'ana zigamulo zakale zimene wazikankhira pambali ponena kuti n'zosiyana, n'kudzifunsa ngati kusiyanako kukanatchulidwa akanakhala kuti akupita mbali inayo. Ndipo ngati pali jaji wotsutsa, ndimayamba kuwerenga iyeyo, chifukwa amakuonetsa msewu wina umene mabuku omwewo ankaloleza. Mukachita zimenezi pa milandu khumi ya mtundu umodzi, monga anachitira Oliphant, n'kulemba pambali kuti wodandaula anali ndani, wodandaulidwa anali ndani, ndipo anapambana ndani, mudzayamba kuona ngati pali chinthu chimene makhoti akuchitsatira osachitchula. Nthawi zina simupeza kanthu, lamulo lolembedwa limafotokoza zonse. Nthawi zina mumapeza wantchito ndi wogulitsa bizinesi.

Llewellyn sanathere pa kudzudzula. Anatsogolera ntchito yolemba malamulo a zamalonda amene pafupifupi zigawo zonse za America zinadzawalandira kuyambira m'ma 1950, ndipo m'gawo la kugula ndi kugulitsa katundu anachita dala chinthu chimene Langdell sakanachita. M'malo moyesa kutseka mpata uliwonse ndi mawu, analemba kuti khoti liziyang'ana chizolowezi cha amalonda a mtunduwo, mmene awiriwo akhala akuchitira malonda m'mbuyomu, ndi ngati achita mokhulupirika. Anaikamonso ndime yolola jaji kukana mgwirizano wopondereza mopitirira muyeso. Majaji ankakana kale migwirizano yotere, koma pokhotetsa mawu a mgwirizanowo kuti aoneke ngati akunena zina. Ndime yatsopanoyi inawauza kuti anene poyera kuti akukana chifukwa ndi wopondereza, ndipo asanatero apatse mbali zonse ziwiri mpata wobweretsa umboni wa mmene malondawo amayendera.